Cholakwa cha Sabata Yachiwiri

Ana a kalasi ya Loweruka anapatsa mphunzitsi wawo dzina loti Pang'onopang'ono, ndipo dzinalo linamukhala ngati malaya osokedwa pathupi. Mwana akafunsa za mawa, iye ankaloza pepala lomwe anamata pakhoma la chipinda cha makompyuta ku laibulale. "Pang'onopang'ono. Zimenezo n'za sabata yachisanu ndi chiwiri," ankatero. Anawo ankamutsanzira akatembenuka, iye n'kumanamizira kusamva.

Pepalalo linali ndondomeko yake yophunzitsira achinyamata chinenero cha makompyuta cha Python m'masabata khumi, ndipo ankalinyadira kuposa satifiketi. Sabata yoyamba mwana amauza kompyuta kulemba mawu ndi print, n'kuphunzira kusaopa zilembo zofiira zimene zimabwera akalakwitsa. Yachiwiri amasunga zinthu pansi pa mayina ndi kufunsa munthu funso ndi input. Kenaka if, kuti pulogalamu izisankha njira, kenaka while ndi for, kuti izibwereza ntchito. Mindandanda inkabwera sabata yachisanu ndi chimodzi, pambuyo pake mafankishoni, timagawo ta pulogalamu toitanidwa ndi dzina, kenaka madikishonale, osunga chinthu chilichonse pamodzi ndi dzina lake. Sabata yachisanu ndi chinayi aliyense ankapanga pulogalamu yakeyake, yakhumi n'kuionetsa kwa makolo. Iye ankati ndi makwerero: ukachotsa thabwa limodzi, wina athyoka mwendo.

Chimene sanauze munthu n'chakuti ulendo uno masabata khumiwo anali Maloweruka khumi okhala ndi mwana wake. Banja litatha, mtsikanayo anatsala ndi mayi ake, ndipo bambo ankamuona mwa apo ndi apo, ngati mlendo. Kunyumba ankamutcha Gologolo, chifukwa ali wamng'ono ankabisa masiwiti m'masaya. Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu, wosalankhulalankhula, ndipo analembetsa yekha kalasiyo osauza bambo ake. Tsiku loyamba bamboyo anangomuona atakhala pa kompyuta ya pafupi ndi zenera, ija ya kiyibodi yomata chilembo cha e. M'kalasi ankawatchula kuti aphunzitsi. Akatuluka panja, poyenda kupita pokwerera basi, ankabwerera kukhala adadi.

Mutu wake unali wakuthwa. Sabata yachiwiri kalasi yonse inagwa pamalo pamene kalasi iliyonse imagwa. Kompyuta imafunsa zaka za munthu, iye n'kulemba 15, koma ukafuna kuwonjezera 1 imakana ndi zilembo zofiira, chifukwa input imabweza mawu, osati nambala. Gologolo ndiye anayamba kuona kuti pafunika int. Anadzuka n'kukaima kumbuyo kwa mnyamata wina wamtali, amene anzake ankangomuti Mlongoti.

"Iwe, kompyuta ikuona chimenechi ngati mawu. Chikulunge mu int, usachite manyazi, sichiluma."

Bambo ake anayang'ana kukhoma kuti ana asaone mmene nkhope yake inasungunukira.

Uthenga unabwera sabata yachinayi. Mayi a Gologolo anaimba foni masana, ali kuntchito. Anati apeza ntchito kutali, ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo anyamuka ndi mwana pakangotha Loweruka lachisanu ndi chimodzi. Sanalankhule mwankhanza. Anapepesa kawiri, ndipo kupepesako n'kumene kunamupweteka kwambiri bamboyo, chifukwa kunamusowetsa munthu womukwiyira.

Madzulo ake anakhala patebulo n'kumayang'ana ndondomeko ija. Sabata yachisanu ndi chimodzi inali ya mindandanda basi. Mwana wake achoka asanalembe fankishoni n'imodzi yomwe, asanapange kanthu kakekake kamene bambo angaime kumbuyo kwake n'kunena kuti tinapanga limodzi. Ndiye munthu uja wa makwerero anatenga cholembera n'kuyamba kuzula matabwa. Anaunjika for, mindandanda ndi mafankishoni m'Loweruka limodzi, kuti lotsatiralo likhale la mapulogalamu awoawo. Anadziuza kuti ana a chaka chino ndi ochenjera. Mtima ukafuna chinthu susowa umboni.

Loweruka lachisanu linali chipwirikiti. Analemba pabolodi mothamanga, n'kufufuta ana asanamalize kukopera. Theka la kalasi linali lisanagwire bwino while ya sabata yatha. Pulogalamu ya Mlongoti inkangolemba "Yesanso, Yesanso, Yesanso" osaima, chifukwa anaiwala kufunsanso yankho m'kati mwa lupu, gawo lobwerezabwereza lija la while, ndipo mphunzitsi anangodutsa n'kuidula ndi mabatani a Ctrl ndi C osafotokoza. Mtsikana wina analemba fankishoni yake bwinobwino ndi def, koma sanaiitane, ndiye anangokhala akudikira sikilini yopanda kanthu, misozi ili lengelenge. Wina anaika print pamene pankafunika return, kompyuta n'kumamuyankha kuti None. Palibe anatsanzira mphunzitsi tsiku limenelo. Anatuluka mwakachetechete ngati akuchokera kuchipatala.

Mayi woyang'anira laibulale, amene ankasunga makiyi a chipindacho, anaima pakhomo akugwedeza makiyiwo.

"Aphunzitsi, lero munali pa mpikisano wa njinga? Ana awiri andifunsa ngati angasiye. Akuti mitu yawo si ya zimenezi."

"Azolowera, mayi."

"Inu nomwe munandiuza kuti fulumira anadya gaga. Kapena pepala lija pakhomapo analemba ndi munthu wina?"

Mphunzitsi anazimitsa makompyuta imodziimodzi, ngakhale ina inali yozima kale.

Gologolo ankamudikira panja, chikwama chili pamsana. Anayenda mpaka kudutsa sitolo ya matayala asanalankhulane. Pokwerera basi mtsikanayo anakanda pansi ndi nsapato.

"Adadi, n'chifukwa cha ine, eti?"

"Chiyani?"

"Musanamizire. Mlongoti akuti sabweranso. Akuti ndi mbuli. Si mbuli, adadi, sabata yatha anali atatsala pang'ono kumvetsa."

"Ndimafuna upange masewera ako usanapite. Ndikuone ukuwapanga."

"Ndiye anzanga azindikumbukira kuti ndine ndinawaonongera kalasi?" Mtsikanayo anawayang'ana m'maso. "Ine ndinabwera kudzaona mmene mumaphunzitsira. Anthu amati mumadikira munthu mpaka amve. Lero sindinakuoneni."

Basi inafika, ndipo Gologolo anakwera osatembenuka. Bamboyo anatsala ataima ndi manyazi aakulu, ndiponso chisoni, pakuti mwa Maloweruka awiri amene anali nawo, limodzi analitaya ndi manja ake.

M'kati mwa sabata anaimbira makolo a Mlongoti ndi a ana ena aja, n'kunena mosazungulira kuti wolakwa ndi mphunzitsi. Loweruka lachisanu ndi chimodzi anafufuta bolodi lonse.

"Za sabata yatha ziiwaleni. Tibwerera pa while, kenaka for, basi."

"Pang'onopang'ono," ananong'ona wina kumbuyo, ndipo kalasi inaseka koyamba.

Zinatanthauza kuti ndondomeko yatsalira ndi sabata imodzi, ndipo madikishonale anayenera kuchotsedwa kuti zina zikwane. Zinatanthauzanso kuti Loweruka lomaliza la Gologolo linatha akuwerengetsa kompyuta kuyambira 1 mpaka 10, n'kumafotokozera Mlongoti chifukwa chake range(1, 11) imaima pa 10. Bambo ake ankadutsa kumbuyo kwake kawirikawiri popanda chifukwa. Pomaliza anamupatsa kope la ndondomeko ija, atalipinda kanayi.

"Zotsalazi uzitsatira mwa dongosolo lake. Usadumphe."

"Zonsezi zili pa intaneti, adadi," anatero, koma analiika m'thumba la malaya, osati m'chikwama.

Masabata otsatira anayenda monga analembedwera. Kompyuta ya pazenera sinakhalidwe ndi munthu, chifukwa palibe ankafuna kulimbana ndi e womata uja. Pafoni Gologolo ankayankha mawu amodziamodzi. Sukulu ili bwanji? Bwino. Nyumba? Bwino. Bambo ankafunafuna funso lachitatu osalipeza, ndipo mafoni anayamba kufupika ndi kutalikirana. Ankaopa kuti chaka chikamatha adzakhala munthu wongotumiza moni pa tsiku lobadwa.

Loweruka lakhumi makolo anadzaza chipinda, ena atakhala pa timipando ta ana ta ku laibulale. Mlongoti anaonetsa pulogalamu yofunsa mafunso a mpira, yokhala ndi mafankishoni atatu, ndipo mayi ake anaomba m'manja asanamalize n'komwe. Mphunzitsi anamwetulira pamene panafunika kumwetulira. Anthu atabalalika, mayi wa makiyi anati apita kaye kukatseka mawindo a kutsogolo, ngakhale ankawatseka pomaliza masiku onse.

Mphunzitsi anakhala pa kompyuta ya pazenera n'kutsegula makalata ake a pa intaneti. Munali uthenga wa Gologolo, wotumizidwa m'mawa womwewo, ndi fayilo imodzi. "Aphunzitsi, yanga nayi. Ikukana. Sindikudziwa chifukwa chake."

Anali masewera olosera nambala. Anawerenga kuyambira pamwamba, chala chili pa sikilini. Mwanayo anatsatira pepala lija mpaka pansi. Munali mndandanda wosunga zimene wosewera wayesa kale, fankishoni yobweza yankho ndi return moyenera, ngakhale dikishonale ya zigoli, imene anzake m'kalasi sanaifike. Zonse anaziphunzira yekha, kutali, popanda bambo woima kumbuyo kwake, ndipo kunyada ndi kuwawa zinamugwira nthawi imodzi.

Anaiyendetsa. Inamufunsa nambala, iye n'kulemba 7, ndipo zilembo zofiira zinabwera: TypeError. Sanafunikire kufufuza. Mzere wa input unalibe int, ndiye pulogalamu inkayesa kuona ngati mawu ali aakulu kuposa nambala.

Cholakwa cha sabata yachiwiri. Chomwe chija mwanayu anachitulukira kalasi yonse isanachione, n'kukachiphunzitsa Mlongoti. Chimenechi sakanachisiya mwangozi.

Anayamba kulemba yankho. Linali lalifupi, zilembo zitatu ndi mabulaketi, ndipo likanatha nkhani yonse m'kamphindi. Anayang'ana zimene analembazo nthawi yaitali, kenaka anazifufuta. Anapukuta m'maso ndi chikhatho n'kutenga foni.

Inangoitana kamodzi.

"Adadi?"

"Ndaiona pulogalamu yako. Vuto lake ndi lalikulu ndithu. Silingathe lero."

Anamva mwanayo akukoka mamina.

"Lingatenge masabata angati?"

"Sindikudziwa, mwana wanga. Tiyambira pa mzere woyamba. Undiwerengere."

Gologolo anayamba kuwerenga pang'onopang'ono, mawu akudukaduka, ndipo bambo ake anatsatira ndi chala pa sikilini, atakhala pampando umene unali wa mwanayo.