Mawu 500 ndi dzina la Agnesi

Dedilaini inali Lachisanu, 4 koloko masana. Lachitatu m'mawa ndinali ndisanamalize pesono sitetimenti.

Zina zonse zinali tayale mu foni: dipuloma, satifiketi ya ku khonsolo ya anamwino, kalata ya a DHO. Chotsala chinali kabokosi kamodzi pa fomu ya sikolashipu. Mawu 500, m'Chingerezi: ndinu ndani, digiri ya unamwino mukuifuniranji, mukamaliza mudzachita nayo chiyani. Ukapitirira ndi liwu limodzi, kabokosi kamafiira, batani la submit silidinika.

Ndine Flossie, namwino ndi mzamba pa kachipatala kena kuno kumapiri, kuseri kwa Lobi. Zaka zinayi. Netiweki timaipeza pafupi ndi thanki ya madzi.

A Dominiko, medikolo asisitanti wathu, ananditumizira sitetimenti ina pa WhatsApp.

"Ingosintha dzina ndi boma, basi. Imeneyi inadutsitsa munthu ku Ntcheu."

"Yafowadidwa kangati, a Domi?"

"Iwe ukufuna digiri kapena mbiri ya fayilo?"

Inayamba ndi "I am passionate about nursing". Ndinabako chiganizo chimenecho, kwinako ndinalemba zanga. Ndinaikamo nkhani ya kwathu, ya amayi awo a agogo amene ankatsuka zilonda ku mishoni ku Bembeke nthawi ya chimfine cha 1918. Ndinawapatsa a Sisita Magadalena, inichaji wathu, kuti awerenge. Anatalikitsa foni uku akutsinzinira diso limodzi.

"Flossie, aliyense wa ku Bembeke ali ndi agogo amenewa. Ine ndinakhalapo pa panelo kamodzi. Tinawerenga agogo khumi ndi awiri tsiku limodzi. Iwe uli pati umu?"

"Ndili mu paragirafu yachitatu."

"Umo muli ma shifiti ako. Lemba tsiku limodzi limene unaona kuti zimene ukudziwa zakuchepera."

Sanatchule tsikulo. Litachitika, iwo anali pomwepo.

Ndiye nthawi ya lanchi ndinakhala pa thanki n'kulemba. Zinatuluka ngati lipoti. 11:40 mwana wabadwa, wamkazi, 2.9. 11:55 magazi ambiri, chiberekero chosalimba. Kutikita, okisitosini, madiripu awiri, kathetala. 12:10 ambulansi yaimbiridwa. Mvula. 13:30 ambulansi yatitimira m'matope. BP 70/40. 14:20 basi.

Ndinawerenga kawiri. Sindinamve kalikonse. Ndinadya mandasi.

Mayiyo anali Agnesi, mkazi wa achimwene anga a Benedicto. Munali mu Malichi.

A Sisita atawerenga anandibwezera foni.

"Ili ndi lipoti la imfa, tinalemba kale. Palibe chimene wasiya?"

Chinalipo. Inali mimba yachisanu ndi chimodzi, ndipo magazi anali ochepa m'thupi mwake. Mayi wotere sachirira pa kachipatala ngati kathu kopanda magazi oika munthu. Timamutumiza msanga kukadikirira ku chipatala chachikulu. Ndinalemba ndekha m'buku lake la sikelo kuti apite. Iye anandiseka. "Alamu, mbatatesi akumbe ndani? Asanu onsewa ndaberekera pompano." Ine ndinasekanso. Akanakhala mayi wina ndikanamukalipira, ndikanaitanitsa mwamuna wake. Koma anali mlamu wanga, wondipatsa nyemba ndikapita kumudzi.

Ndinawonjezera zimenezo. Ndinalembanso kuti digiri sikanabweretsa magazi kapena kuumitsa msewu, koma ndikufuna kuphunzira kuyendetsa wodi ndi kuphunzitsa anzanga, kuti mayi aliyense wolembedwa kuti apite azitsatiridwa mpaka wafikadi, ngakhale akhale wachibale. Ndidzabwerera kuno, bondi ndisayina.

"Tsopano yakhala sitetimenti," anatero a Sisita. "Koma dzina la wodwala sitilemba, ukudziwa. Ndipo ukangoti mlamu wanga, wamutchula kale. Popanda chilolezo cha mwamuna wake, ulembe kuti mayi wina."

"Ndikati mayi wina nkhani yonse yagwa."

"Ndiye pita ukawafunse."

Lachinayi ndinali ofu. Ndinakwera kabaza. Kunali chifunga cha Juni, zala zochita kuuma. Ndinawapeza achimwene kudimba akuthirira kabichi. Chiyambire maliro tinkangolankhulana za mkaka wa mwana, Victoria, amene akuleredwa ndi amayi athu.

"Wabwera wopanda yunifomu lero."

"Ndili ofu. Achimwene, pali zoti ndikuwerengereni."

Anatula keni pansi. Ndinkawerenga Chingerezi mumtima, pakamwa n'kumatulutsa Chichewa. Ma BP ndinadumpha. Za buku la sikelo sindinadumphe. Mawu anga ankamveka ngati ndikuitana mayina pa sikelo.

Anathothola kaudzu pa mzere.

"Anandiuza kuti unamulembera zopita ku boma."

"Anakuuzani?"

"Ee. Ine ndinati tikumbe kaye." Anataya kaudzuko. "Zimenezo usalembe."

"Sindilemba."

"Ndiye azunguwo akawerenga, akupatsa sukulu?"

"Si azungu onse. Mwina andipatsa, mwina ayi. Tilipo ambiri."

"Werenganso pamene pali iyeyo."

Ndinawerenga: mlamu wanga, mayi wa zaka 34.

"Dzina lili kuti?"

"Sitiloledwa, pokhapokha inu..."

"Mlamu wanga, mlamu wanga. Uli ndi alamu angati iwe? Anayi. Akadziwa bwanji kuti ndi uti? Ukafuna kupita naye ku sukulu yakoyo, upite naye ndi dzina lake. Apo ayi, musiye agone."

Ananyamula keni n'kupita kuchitsime. Ndinawatsatira ndi pepala, chifukwa a Sisita anati chilolezo chikhale cholemba. Anasayinira pa bondo, pepala linanyowa pakona.

Lachisanu odwala anachuluka. Ndinafika pa thanki 3:20, batire 14 peresenti. A Domi anatulukira pa windo la famase.

"Digiri! Ukadzakhala metironi usadzatiiwale ife a panado!"

Ndinapesita sitetimenti m'kabokosi. 500 ndendende. Ndinalemba Agnesi pambuyo pa "my sister-in-law". 501. Kabokosi kanafiira. Ndinawonjezera kuti mwamuna wake wavomereza kuti ndimutchule, mawu ena asanu. 506.

Ndinakwera nayo m'mwamba kufuna chodula. Agogo a ku Bembeke anali atapita kale Lachitatu. Manambala a nthawi sindinafune kuwakhudza. Pamwamba penipeni panali patatsala chiganizo cha a Domi chija, "I am passionate about nursing". Mawu asanu. Ndinachifufuta. 501.

Penapake ndinalemba kuti ndinali "very sorry". Ndinachotsa "very".

500. Kabokosi kanayera.

Ndinadina. Kachizindikiro kanazungulira, kanazungulira, ndinakweza foni m'mwamba ngati ndikuyatsira munthu tochi. 3:41, application received. Ndinajambula sikirini n'kutumizira a Sisita. Anayankha ndi chala chimodzi chokweza.

Ndinadikira kuti mwina ndimva kanthu. Thanki inkadontha pa simenti.

Pa benchi ya sikelo panali patatsala amayi atatu. Woyamba anandipatsa buku lake. Mimba yachisanu ndi chiwiri, m'zikope moyera.

"Mayi, Lolemba mukadikirire ku boma."

"Iii anesi, nanga kudimba?"

"Bambo ali kuti? Ndipatseni nambala yawo."

Batire inali pa 6. Inakwanira.