Penshoni ya ba Whyson

Amuna anga ba Whyson Njobvu ndi owotcherera zitsulo kuno ku Kanyama, ndipo mageti awo ndi abwino, pamenepo sindinama. Vuto lawo ndi matama. Pakhomo pathu anakhomapo bolodi lolembedwa m'Chingelezi kuti kampani ya Njobvu ndi ana ake aamuna, pomwe ine ndinawabalira ana aakazi okhaokha atatu. Nditafunsa kuti ana aamunawo akukhala kwa mkazi uti, anati ndi mmene makampani amalembera.

Ine ndimagulitsa tomato ndi kabichi pa msika. Ndalama zathu tonse zilibe tsiku. Sabata ina mumadya nkhuku, sabata ina magetsi azima masiku anayi, makina a ba Whyson ali zii, mvula yadzaza msewu, tomato wanga akuola ndikumuyang'ana. Ndiye pamene mayi wina wa kampani ya inshuwalansi anabwera pa msika kudzalemba anthu penshoni yodziikira wekha, ndinamvetsera. Anati umaika pa foni tsiku lomwe uli nazo, zambiri kapena zochepa, palibe wokulondola. Iwo amadulako pang'ono za ntchito yawo, zotsalazo zimabala, koma sungazikhudze mpaka utakwanitsa zaka makumi asanu ndi zisanu. Ndinalembetsa, ndipo ba Whyson ndinawakoka mkono nawonso analembetsa. Anaika zaka ziwiri, akudandaula ngati akuwazula dzino.

Amene anasokoneza zinthu ndi mlamu wanga Kabaso, mwamuna wa mng'ono wanga. Iye amasunga katundu pa kampani ina yomanga nyumba. Tsiku lina Lamlungu anabwera ndi pepala lake la malipiro, kuliyala patebulo ngati satifiketi ya ukwati.

"Onani apa, mulamu," anatero Kabaso. "Mwezi uliwonse banijuba faifi peresenti ya penshoni. Manje ba bwana nabo baikapo faifi yabo. Ine niika imozi, pakhala vibili. Imwe ku inshuwalansi kwanu, nindani amikilapo?"

Ba Whyson analiyang'anitsitsa pepalalo. Usiku umenewo anadya pang'ono, ndipo munthu ameneyu sadya pang'ono ngakhale pamaliro.

Patapita mwezi, Kabaso anabwera ndi uthenga woti kampani yawo ikufuna wowotcherera. Ba Whyson anapita. Kumeneko anawapatsa njira ziwiri: kulembedwa ntchito, kuvala ovolosi, kufika seveni koloko ndi kulandira pa mwezi, kapena kumawapangira mageti ndi mawindo kunyumba monga kontirakitala, kulandira ntchito ikatha. Inu mukuganiza kuti mwini kampani ya ana aamuna anasankha chiyani?

"Ine kuvala ovolosi monga Kabaso?" anandiuza atabwerako. "Nasaina monga kampani. Kampani na kampani, amake Taonga. Tinagwirana na chanza."

Malipiro oyamba atabwera, anathamangira ku msika ndi pepala m'manja, kundipeza ndikupanga milu ya tomato. Analoza mzere wina pansi. Panalembedwa mawu a Chingelezi, pambali pake faifi peresenti yodulidwa.

"Belenga apa. Ritenshoni. Wamva? Penshoni yamene iyo. Faifi peresenti, monga ya Kabaso. Na ba bwana baikapo yabo."

"Nanga bwanji sanalembe kuti penshoni?" ndinafunsa.

"Iwe, Chizungu cha mu ofesi ni china. Penshoni ni ya ba ovolosi. Ise ma dairekita ni ritenshoni."

Ndivomere tchimo langa pano. Sukulu ndinalekera giredi sikisi, ndipo mawu awiriwo amamvekadi ngati a mimba imodzi. Ndinakayika, koma ndinatseka pakamwa. Kuyambira tsiku limenelo ba Whyson sanaikenso ngakhale ngwee imodzi ku inshuwalansi. Akandiona ndikudina foni madzulo, kuika twente kwacha yanga, ankaseka mpaka kutsokomola.

"Ika, mayi, ika. Penshoni ya tomato. Ukakalamba uzagula nayo ka sopo."

Chinanso chinawakometsa. Pakapita miyezi, kampani inkawatumizira ndalama zina zomwe sanaziyembekezere. Iwo ankati ndi bonasi. Bonasi yoyamba anagula suti yabuluu. Ina anagula masipika aakulu moti mawindo a aneba ankanjenjemera. Ina anagula mbuzi, kuitana amuna onse a mu mzere wathu, ine n'kutsala ndi mapoto otsuka. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha choncho.

Kenaka maso awo anayamba kuvuta. Poyamba ankangotuluka misozi, iwo n'kumati ndi utsi wa mbaula yanga. Kenaka anawotcherera geti la munthu mokhota, chinthu chomwe sanachitepo chibadwire. Ku chipatala adokotala sanazungulire. Anati moto wa makina wawononga kale kwambiri, ndipo akapitiriza, maso otsalawo apita. Ine mtima unandiwawa, chifukwa munthuyu ndi wamatama koma ndi wanga. Iwo ayi, anatuluka akuimba mluzu.

"Nakwanitsa sikisite. Ni nthawi yopumula. Mailo tiyenda kutenga penshoni. Unyamule chola chikulu."

Tinakwera minibasi, iwo mu suti yabuluu ija, yomwe tsopano batani lake silinkafika pamimba. Ku ofesi anatilowetsa kwa wolemba malipiro, dzina lake ba Benedict, munthu waulemu wovala magalasi. Ba Whyson anakhala pampando, mwendo pamwamba pa unzake, n'kuthira mapepala onse a zaka zisanu ndi ziwiri patebulo.

"Nabwela kutenga penshoni yanga. Na ija ya ba bwana muikepo, musaibale."

Ba Benedict anayang'ana mu kompyuta. Anayang'ananso. Anavula magalasi.

"Ba Njobvu, pa anchito ba kampani dzina lanu palibe. Imwe muli pa ma kontirakitala."

"Ni pamene apo. Dairekita."

"Penshoni ya kampani ni ya anthu olembewa nchito, bamene balandila pa mwezi. Ni bamene tijuba, na kampani iikilapo. Imwe munasaina monga kampani yanu. Bwana wanu ndimwe mweka."

Ba Whyson anaseka, kuseka kwa munthu wophunzitsa mwana. Anatola pepala limodzi, kulibweretsa pafupi ndi mphuno, kusakasaka mzere uja ndi chala.

"Nanga ichi ni chani? Ritenshoni. Zaka seveni munijuba."

Ba Benedict anandiyang'ana ine, ngati akupempha thandizo. Ine ndinayang'ana chola changa.

"Batate, ritenshoni si penshoni. Ni ndalama yamene tisunga pa nchito iliyonse, kuti geti ikagwa olo ikakhota, tikonzele pamene apo. Ikapita miyezi sikisi geti ili bwino, timibwezela yonse. Ndipo mageti yanu siyanagwepo. Tinamibwezela zonse, onani masiku aya."

Anatembenuza kompyuta. Ba Whyson sakanaona kanthu, koma ine ndinaona masikuwo, ndipo ndinawadziwa bwino. Ili ndi la suti. Ili ndi la masipika. Ili ndi la mbuzi.

"Si bonasi?" anafunsa ba Whyson, mawu atachepa.

"Inali ndalama yanu kale, batate."

Mayo ine! Ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira, ndinafunanso kuwamenya ndi chola chopanda kanthucho. Ndinangoti, "Atate ake Taonga, penshoni yanu munavala, ina munavina, ina tinadya na chibwabwa." Ba Benedict anadzigwira pakamwa. Kenaka anafunsa mwaulemu ngati ba Whyson anadzilembetsapo okha ku NAPSA, penshoni ya boma, popeza kumeneko amalandiranso anthu odzigwirira ntchito, kapena ngati ankasunga kwina kulikonse. Ba Whyson anatsitsa mwendo uja pansi.

Tinapita ku inshuwalansi tsiku lomwelo, wapansi, chifukwa iwo anati akufuna mphepo. Kumeneko dzina lawo linalipo. Ndalama za zaka ziwiri zija sizinathawe, zinabalako pang'ono, ndipo popeza zaka zawo zinali zitakwana, anati akhoza kutenga. Koma zinali zogula unga ndi malasha miyezi itatu, basi. Mtsikana wa pa kauntala anayang'ananso zanga, nandilembera pa kapepala. Sizinali za munthu wolemera, koma ba Whyson atamva nambalayo anafunsa kawiri ngati sanaphatikize ndi za munthu wina. Zanga zinali zotsekeredwa zaka zina zitatu.

Pobwerera tinakwera minibasi. Kondakitala atawatcha "ba bosi" chifukwa cha suti, anayang'ana pawindo.

M'mawa mwake ndikumanga chitenje kuti ndipite ku msika, ndinamva phokoso lomwe ndimalidziwa kuposa mawu a ana anga. Tchiii, tchiii. Ndinatuluka. Ba Whyson anali atagwada pa chitsulo, moto wabuluu ukuthetheka, misozi ikuyenderera pansi pa magalasi awo akuda owotcherera. Ankafufuza polumikizira ndi dzanja, chifukwa maso sankapaona.

Mkwiyo umene unandigwira sindinaumvepo. Ndinapita kukhoma n'kuzula waya.

"Iwe, ni geti ya munthu iyi!" anakuwa.

"Mwine wake apeleke kwina. Mufuna nizikutsogolelani na ndodo ku chimbuzi?"

"Manje tizadya chani zaka zitatu? Nizakhala chabe pa mupando, mukazi anidyetse?"

Apa ine ukali wonse unandithera. Ndinakhala pa geti lawo losathalo.

"Pa mupando simuzakhala," ndinatero. "Pafupi na ine pa msika pali tebulo ilibe munthu. Muzagulitsa anyezi. Anyezi safuna maso, afuna pakamwa, ndipo pakamwa muli napo."

Ba Whyson anavula magalasi aja, napukuta kumaso ndi mkono.

"Pa nchito yamene iyo, penshoni iliko?"

"Iliko. Muika mweka. Palibe wokuikilani, ine sindine bwana wanu."

"Pa sikisite, amake Taonga? Izabala chani?"

"Pang'ono. Koma ni yanu."

Anapisa m'thumba la ovolosi yakale yomwe amavala pakhomo pokha, anthu a ku kampani asaone. Anatulutsa foni. Anati muli fifite kwacha ya munthu amene anawapatsa dzana kuti amukonzere mbaula. Anaibweretsa pafupi ndi nkhope, kuitalikitsa, kuibweretsanso, chala chili m'mwamba. Ndinadikira. Kenaka anandipatsa foniyo osandiyang'ana.

"Nidinileko. Siniona manambala."