Sitika Yofiira ya pa Bokosi la Sola

Kalata inafika ku Lirangwe Lachiwiri masana, m'thumba la wakabaza. Mayi Malita anailandira ali pakhonde akutong'ola chimanga, naiika pansi pa lichero. Sanafulumire kuitsegula. Chimwalirireni amuna awo, aphunzitsi a Isaki, masabata asanu apitawo, panalibe chowafulumiza. Ankadya akapatsidwa, ankayankha akafunsidwa. Lamlungu ankakhala pa benchi lawo lomwe lija, milomo ikutsatira nyimbo, mtima uli zii.

Kalatayo inachokera ku sitolo ina ya ku Chileka, komwe a Isaki anagula sola miyezi khumi yapitayo: panelo ya padenga, mababu anayi, ndi bokosi lotseka lokhala ndi batire m'kati. Anakhoma okha msomali wa bokosilo pabalaza, nati, "Maso akutha awa, Malita. Ndikufuna ndiziona zilembo za Mawu popanda utsi wa koloboyi."

Pa maliro awo magetsi kunalibe, ndipo a kwaya anabwera ndi sipika yaikulu. A Lyford, mng'ono wake wa malemu, anapachula bokosi lija, namatula sitika yofiira yotchinga sikuluwu, nalitsegula, nalumikiza mawaya a sipika ku batire penipeni. Nyimbo zinamveka mpaka kutsidya kwa msewu. Anthu anayamikira kuti maliro anayenda bwino. Koma kuchokera pamenepo bokosi silinasungenso moto: dzuwa likalowa, mababu ankayaka pang'ono n'kuzima.

A Lyford omwewo ndi amene anamatanso sitikayo ndi guluu, naperekeza Mayi Malita kukalisiya ku Chileka. "Inu muzingoti lasiya lokha, alamu," anatero. Mayi Malita tsiku limenelo sananene kanthu, ngakhale bodza ngakhale zoona.

Atamaliza lichero, anasamba m'manja natsegula envulopu.

"Okondedwa Mayi Malita Namate," inayamba motero. "Talandira bokosi lanu la sola, ndipo tikupepesa pa imfa ya bambo. Waranti, lomwe ndi lonjezo lathu lokonza kapena kusintha katundu mwaulere, ikupitirira m'dzina lanu mpaka zaka ziwiri zitakwana kuchokera tsiku la pa lisiti.

"Waranti imagwira pa vuto lochokera kufakitale: batire ikaleka kusunga moto mukuigwiritsa ntchito monga mwa malangizo, panelo ikaleka kutulutsa mphamvu, kapena babu likapsa lokha. Siigwira katundu akagwa, akalowa madzi, akaombedwa ndi mphenzi, akabedwa, kapena mawaya akadyedwa ndi makoswe.

"Waranti ya bokosi imatheratu ngati sitika yofiira yamatulidwa, ngati bokosi latsegulidwa ndi munthu amene si mmisiri wathu, kapena ngati mwalumikiza ku batire chipangizo chomwe sichinabwere ndi sola.

"Mmisiri wathu waona guluu m'mbali mwa sitika yanu. Sitikukunenezani, nthawi zina sitika imatukuka ndi kutentha, eni ake n'kuimata. Asanatsegule, tikupempha musaine pansipa kutsimikiza kuti bokosili silinatsegulidwepo. Mukasaina, ndipo iye akapeza kuti vuto ndi la kufakitale, tikupatsani lina. Ine wanu, Hanifa Saidi, woyang'anira makasitomala."

Pansi pake panali mzere wopanda kanthu.

A Lyford anatulukira dzuwa litapendeka, njinga ili m'manja. Anawerenga kalatayo chiimirire, naseka pang'ono.

"Ndiye akuuzani kale poyankha pake, alamu. Yatukuka ndi kutentha. Lirangwe ino kutentha kwake ndani sakudziwa? Ngakhale phula limasungunuka."

"Munatsegula ndinu, alamu."

"Ndinatsegulira ndani? Si achimwene omwewo? Mukanakonda anthu aziti aphunzitsi apita ngati nkhuku, popanda nyimbo?" Anatulutsa bolopeni m'thumba la malaya. "Akampaniwa ali ndi mabokosi odzaza nyumba. Limodzi silingawaliritse. M'kati ndinabwezera bwinobwino, sangaone kanthu."

Mayi Malita analandira bolopeniyo, naiika pamodzi ndi kalata m'chikwama chawo cha ku Mvano, momwe munali buku la nyimbo ndi mpango woyera. Sanavomere, sanakane.

M'mawa mwake anakwera minibasi mpaka pa Kameza, nakwera ina yolowera ku Chileka. Njira yonse ankayang'ana minda yokololedwa, mapesi ali mbwee. Anayesa kupemphera, koma mawu sanabwere. Anangoti, "Ambuye, mukudziwa," n'kulekera pomwepo.

Hanifa anali mayi wachitsikana wovala mpango wakuda. Anawapatsa mpando, nakatenga bokosi lija n'kuliika patebulo. Pambali pake panali zilembo za a Isaki, zolembedwa ndi penti yoyera: I. NAMATE.

"Kalata yathu munaimva bwino, mayi? Pena chilembedwe chathu chimauma ngati chikonyo."

"Ndinaimva."

"Ndiye ndi apa posaina."

Mayi Malita anatulutsa bolopeni. Anayang'ana mzere uja, nayang'ananso sitika. Guluu anali atauma m'mbali mwake, akunyezimira. Sanamve mantha, sanamvenso kulimba mtima kumene alaliki amanena. Anangoona kuti dzina limene alembe pamzerepo ndi lomwe lili pa bokosi, ndipo dzanja linakana kuyenda.

"Linatsegulidwa," anatero. "Linaimbitsa kwaya pa maliro a mwini wake."

Hanifa anatembenuza bokosilo, nayang'ana sitika ija.

"Sipika?"

"Sipika. Masiku awiri."

"Ndi batire yachitatu imeneyi chaka chino, zonse za pa maliro," anatero Hanifa motsitsa mawu. "Mkati umu muli kachipangizo kamene kamadula moto batire isanatheretu. Mukalumikiza ku batire penipeni mwakalambalala, ndiye imakamidwa mpaka kufa. Pepani, mayi. Apa waranti ya bokosi yatha. Ine ndilibe mphamvu yoibwezera."

"Ndamva."

"Koma panelo ndi mababu sizinakhudzidwe, waranti yake ikadalipo. Lisiti lija musataye. Ndipo tsiku limene mudzathe kugula batire ina, mudzabwere ndi bokosili kuno, mmisiri adzakuikirani. Alamu anuwo asadzaligwirenso."

"Mwadziwa bwanji kuti ndi alamu?"

"Nthawi zonse amakhala alamu."

Mayi Malita anamva ngati kumwetulira kukufuna kubwera, koma kunabwerera panjira. Hanifa analemba mizere iwiri pansi pa kalata ija, nadindapo chidindo, nakulunga bokosi m'pepala la pulasitiki. Powaperekeza pakhomo anawagwira dzanja ndi manja awiri. "Mulungu akupatseni chipiriro, mayi."

"Akusungeni inunso, mwanangu."

Atatsika pa Lirangwe anapeza a Lyford pa mthunzi wa okonza njinga. Iwo ataona penti yoyera ikuonekera m'pulasitiki, anadziwa.

"Mwawauza."

"Bolopeni yanu iyi, alamu."

A Lyford anailandira, napukusa mutu.

Kunyumba, Mayi Malita anakoleka bokosi pa msomali wa a Isaki, nalumikiza waya wa panelo. Kanyali kobiriwira kanayaka, pakuti dzuwa linali likadalipo. Anasesa pabalaza, natsekera nkhuku. Kutayamba chisisira anayatsa babu monga mwa chizolowezi. Linawala nthawi yokwanira kuimba ndime imodzi ya nyimbo, kenaka linazima.

Anakhala pampando kanthawi, manja ali pamiyendo. Kenaka anadzuka kukafunafuna koloboyi kuseri kwa matumba a chimanga, komwe a Isaki anamuponya tsiku limene anabwera ndi sola.