Meza ya Mlombwa Yopanda Msomali

Zeferina analemba kalatayo mwezi wa Febuluwale, mvula itadula msewu wa ku Chipera. Iye anali mphunzitsi ku Malowera, ndipo mwana wake wamkazi Benilde ankakwatiwa mu Ogasiti. Ankafuna meza yodyerapo anthu asanu ndi atatu, yoti alendo a ukwati adyerepo, kenako ikhale m'nyumba mpaka adzukulu. Mmisiri wa matabwa wodziwika dera lonselo anali a Cipriano a ku Chipera, akulu ake a Bento, mwamuna wa Zeferina.

Kalatayo inati:

“Alamu, ndikupempha mundipangire meza. Mulitali mamita awiri, mulifupi masentimita 90, msinkhu 75. Mtengo ukhale mlombwa, matabwa aja ndinawaona pansi pa chisakasa chanu, amene auma chaka chathunthu. Mutenge mtima wofiira wokhawokha. Choyera cha m'mphepete muchotse, chimafumbwa. Mitanda yolumikiza miyendo ikhale ya masentimita 15 mulifupi, ndipo ilowe m'miyendo ndi esipiga, lilime la thabwa lolowa m'bowo losemedwa bwino, muthire kola, guluu wa matabwa, ndi kukhomera zikhomo ziwiri zamtengo. Msomali ayi, ngakhale umodzi. Thabwa la pamwamba musalimate ku mitanda. Muligwire ndi timatabwa tolowa m'mizere kunsi, kuti lizitha kufufuma m'dzinja ndi kubwerera m'chilimwe osang'ambika. Verinizi, utoto wonyezimiritsa uja, sindifuna. Mukweche ndi lisha, pepala lamchenga losalazira matabwa, mupake mafuta a linyasa katatu, kenako phula la njuchi. Ndine mlamu wanu, Zeferina.”

Zimenezi sanaziwerenge m'buku. Anakulira ku Zambia banja lawo litathawa nkhondo, kumene bambo ake ankadyetsa banja ndi sowo ndi tchizulo, ndipo iye ndiye ankawagwirira matabwa. Anakopera kalatayo m'kope lake, n'kupatsa munthu wa njinga yamoto wopita ku Chipera. Patapita milungu iwiri yankho linabwera la pakamwa: amva, meza idzafika.

Inafikadi, kutatsala masiku anayi ukwati. Inabwera pa ngolo ya ng'ombe, yokutidwa ndi bulangeti, a Cipriano atakhala pambali pake. Pabwalo panali anthu ambiri, amayi akusinja, abambo akumanga chisakasa. Atavundukula, onse anasiya ntchito. Mezayo inkanyezimira ngati galasi, yofiira mofanana paliponse.

“Iyi ndiye meza,” anatero Bento, akusisita pamwamba. “Achimwene, mwatichotsa manyazi.”

Zeferina anayandikira mezayo. Anagwira kumapeto n'kukankha pang'ono. Mezayo inagwedera. Anainyamula mbali imodzi, n'kumva kulemera kwa mtengo wosauma. Kenako anagwada, n'kulowetsa mutu kunsi.

“Alamu, mwataya chiyani kumeneko?” anafunsa a Cipriano, anthu n'kuseka.

“Benilde, tandipatsa mpeni.”

Anapala pang'ono pakona ya mwendo pamene panali kadontho kozungulira. Utuchi wosakaniza ndi kola unagwa, mutu wa msomali n'kuonekera. Anapalanso kunsi kwa thabwa la m'mphepete. Pansi pa utoto wofiira panatuluka mtengo woyera ngati chinangwa.

Anadzuka n'kusasa fumbi m'maondo.

“Alamu, iyi si meza imene ndinapempha.”

“Munapempha meza. Ili ndi miyendo inayi.”

“Matabwa ouma aja ali kuti?”

“Anapita ku zitseko za munthu wina. Awa ndi mlombwa womwewo, tinacheka mu Meyi. Auma ali m'nyumba mwanu.”

“Auma akutseguka. Ndipo misomali iyi ikadzalekerera, meza idzayenda ngati ng'ombe yothyoka mwendo.”

A Cipriano anatsika pangolo pang'onopang'ono. Anali munthu wamkulu thupi, mkulu wa mpingo, wosazolowera kuyankhidwa.

“Ndagwira matabwa zaka makumi atatu,” anatero. “Mabenchi a m'tchalitchi mumakhalira aja ndi manja awa. Palibe anandilemberapo kalata yondiphunzitsa kusema bowo. Choko ndi chanu, alamu. Tchizulo mundisiyire.”

“Mukanakana kalatayo, ndikanamva. Munati mwamva.”

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope lija. Anawerenga kalata yonse mokweza, mzere ndi mzere, monga amawerengera mayina m'kalasi. Pa mzere uliwonse ankaloza pa meza osawonjeza mawu. Amayi osinja aja anaimika minsi.

Bento anamukokera kuseri kwa nkhokwe.

“Mayi a Benilde, ndi akulu anga awa. Alendo akubwera kuchokera ku Tete Loweruka. Tiyale nsalu pamwamba, ndani adzaone msomali? Zinazo tikambirana ukwati ukatha.”

“Ikalowa m'nyumba muno siidzatulukanso. Mukudziwa.”

“Ndiye alendo adyere pati?”

“Pamene inu ndi ine tinadyera tsiku la ukwati wathu.”

“Anthu adzati chiyani?”

“Anene. Ine tsiku lililonse ndimabweza makope a ana olemba mothamanga. Ndilandire za munthu wamkulu chifukwa zikuwala?”

Anabwerera pabwalo, n'kutola bulangeti lija, n'kulipinda bwino, n'kulipereka kwa a Cipriano ndi manja awiri.

“Mudye kaye, alamu, ulendo ndi wautali. Koma meza ibwerere.”

A Cipriano sanadye. Anauza mwini ngolo kuti atembenuze ng'ombe. Ku ukwati sanabwere.

Loweruka alendo a ku Tete anadyera pa mphasa ndi pa madesiki anayi obwereka kusukulu. Ukwati unayenda bwino, koma nkhani imene anthu anapita nayo kwawo inali ya meza. Kutchalitchi amayi ena anasiya kumupatsa moni Zeferina. Apongozi ake anatuma mawu akuti mkazi wophunzira wagawa ana awo. Bento anakhala mlungu wathunthu akuyankha ndi mutu wokha. Zeferina zinamuwawa, makamaka za apongozi, amene ankagwirizana nawo kuyambira kale. Koma pamene mlongo wake wa Bento anabwera kudzamuuza kuti apite ku Chipera akapepese, anati:

“Ndikanapepesa chifukwa chowerenga kalata pagulu, chimenecho mwina ndinalakwa. Koma akamva kupepesa adzakweza meza ija pangolo. Sindipita.”

Ku Chipera, a Cipriano anaika mezayo kutsogolo kwa chisakasa chawo kuti aliyense wodutsa aone chimene mphunzitsi wa ku Malowera anakana. Ankayembekeza kuti igulidwa mlungu womwewo. Koma nkhani inali itafika kale, ndipo aliyense wofuna kugula ankayamba wagwada n'kusuzumira kunsi. Kutentha kwa Okutobala kutafika, matabwa a pamwamba anayamba kutaya madzi. Popeza anali okhomeredwa ku mitanda, analibe koyenda. Mzere wa pakati unatseguka mpaka kulowa ndalama yachitsulo, thabwa lina linang'ambika kuyambira pa msomali. Mvula yoyamba itagwa, pansi pa thabwa loyera lija panayamba kuoneka ufa.

A Cipriano anaiyang'ana m'mawa wina nthawi yaitali. Zonsezi ankazidziwa kale. Esipiga anaiphunzira ali mnyamata, koma kwa zaka zambiri anthu ankangofuna chowala ndi chofulumira, ndipo iwo anazolowera kuwapatsa chomwecho. Chimene chinkawapweteka chinali chakuti anthu tsopano ankati sangathe. Anaphwasula mezayo, n'kuzula misomali, n'kuyamba kufunsa kwa ocheka matabwa amene anali ndi mlombwa wogonera.

Anafika ku Malowera mu Juni chaka chotsatira, masana, osatuma mawu. Pangolo panalibe meza. Panali miyendo inayi, mitanda inayi, thabwa la pamwamba lolumikizidwa kale, ndi thumba la zida. Zonse zinali zosapaka kanthu.

Zeferina anali atangofika kuchokera kusukulu. Anawalonjera, n'kuwapatsa mpando. Iwo anakana kukhala.

“Sindinabwere kudzapepesa,” anatero. “Ndabwera nazo zosamanga kuti musavutike ndi mpeni. Onani chilichonse.”

Zeferina anaona chilichonse. Anatembenuza thabwa lililonse kufuna choyera, sanachipeze. Anagogoda ndi chala, mtengo unalira mouma. Analowetsa esipiga imodzi m'bowo lake: inalowa ndi mphamvu ya dzanja, yosagwedera, mapewa ake n'kukhala pa mwendo osasiya mpata. Kenako anatenga tepi n'kuyeza mtanda.

“Ndinalemba 15. Apa pali 10.”

“Munalemba zolakwika.”

Bento, amene anali ataima pakhomo, anayang'ana kumwamba.

“Bweretsani mpando wanu wodyera,” anatero a Cipriano.

Anamanga miyendo ndi mitanda popanda kola, n'kusanjika thabwa pamwamba. Zeferina anakhala pampando n'kulowetsa miyendo. Pakati pa ntchafu zake ndi mtanda panangotsala mpata wa dzanja.

“Meza ya 75, thabwa la masentimita atatu, mtanda wa 15. Munthu wonenepa ngati ine akanalowetsa pati maondo? Khumi akwana kugwira meza ya mamita awiri, mlombwa si mtengo wofooka.”

Zeferina anayeza mpatawo ndi dzanja.

“Pamenepo mwakhoza ndinu,” anatero. “Ndinalakwitsa.”

“Mubwerezenso, mng'ono wangayu sanamve.”

“Wamva. Thirani kola.”

Anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka. Zeferina ankagwira mwendo, a Cipriano akukhoma zikhomo ndi nyundo yamtengo n'kuzidula ndi tchizulo. Bento anatumidwa kukatenga nsanza. Atamanga timatabwa ta kunsi, a Cipriano anakankha mezayo ndi thupi lonse. Sinasunthe. Anathira mafuta a linyasa pansanza n'kupaka kamodzi, ndipo mizere ya mlombwa inatuluka, ina yofiira, ina yagolide.

“Mafutawa alowe pang'ono, kenako mupukute otsala,” anatero akutsuka m'manja. “Nsanzazo muziyanike panja, musaziunjike, zimatha kuyaka zokha. Kwachiwiri ndi kwachitatu mupaka nokha.”

“Sindinapemphe meza yopaka kamodzi. Mugona kuno mpaka ithe.”

“Ndi masiku anayi amenewo, alamu. Ndili ndi ntchito ku Chipera.”

“Ntchito yanu ili pano.”

A Cipriano anayang'ana mng'ono wawo, koma Bento anali kale pangolo akutsitsa thumba la zida. Anagona masiku asanu, chifukwa kunja kunkazizira ndipo mafuta anachedwa kuuma. Tsiku lachitatu Zeferina anatuma uthenga kwa apongozi ake kuti ana awo aamuna onse awiri ali ku Malowera, abwere adzawaone. Anabwera.