Mutu wa Lendi

Mayi a pa saluni ankanyambita chala asanatsegule tsamba lililonse, ndipo mwana wawo Nachisale atawagulira tabuleti yosungira maakaunti, ankanyambitabe asanagwire galasi lake.

Nachisale anali atapeza ntchito kutali. Koma mayi ake, omwe maso anali atayamba kuchita chidima, anamuuza kuti sachoka mpaka makinawo agwirizane ndi buku lawo. Mwezi wonse analemba ponse pawiri. Patsiku lofananitsa, tabuleti inasonyeza phindu lalikulu kuposa la m'buku.

"Kagalasi kako ndi kabodza!" anatero mayi. "Phindu lonseli, tinameta nduna?"

"Amayi, makina amawerengera zomwe mwawapatsa basi."

Anakhala pakati pa zoumitsira tsitsi, wina kuwerenga mokweza, wina kuyang'ana pagalasi. Zolowa zinafanana. Pa zotuluka, mayi anaima.

"Lendi waika pati?"

Nachisale anafufuza. Posankha mutu woilembapo m'tabuleti, anali ataiika pa katundu wa saluni, pamodzi ndi mipando ndi magalasi, choncho makina sanaichotse pa phindu.

"Iwe, nyumbayi tinagula liti? Lendi imapita osabwerera. Bwera nayo kuno tabuletiyo."

Anapukuta chala pa epuloni, nasamutsira okha lendiyo ku zotuluka. Manambala awiri aja anafanana ndendende.

"Ho! Kani ndi buku lomweli, langovala galasi," anaseka mayi. "Zolowa, zotuluka, zotsala. Kuwonkhetsa kokha ndiye kandilanda, ndipo sindikulira. Ukudikira chiyani? Kalongedze, ndikufuna mpandowo."

Nachisale anathamangira kuchipinda. Kasitomala wotsatira asanatsukidwe m'mutu, chikwama chinali chili pakhomo.