Asanu ndi Anayi pa Khumi Aliwonse

Amene anachotsa ana m'kalasi n'kuwapatsa matsache kuti nambala ikwane ndi wachiwiri kwa ahedi, Adepu aja ovala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anachita zimenezi kwa mayi wamasiye, wophunzira uphunzitsi, amene ana ankangomuti Madamu.

Madamuyo anali atalephera kale kamodzi. Alekichala a ku koleji atabwera kudzamuonerera akuphunzitsa, anatsegula chikonzekero chake cha phunziro, n'kupeza cholinga chakuti, "Ana amvetse tizigawo." Anamufunsa kuti, "Kumvetsako mukuona bwanji, mayi? Muwang'amba mitu?" Ulendo uno unali womaliza. Akalepheranso, satifiketi palibe, abwerere ndi ana ake kukapempha malo ogona kwa alamu ake omwe anamulanda ndi mipando yomwe, maliro asanazizire.

Nthawi yopuma, alekichala ali m'njira, Madamu anakhala mu ofesi ya aphunzitsi pa tebulo logwedera, cholembera chikuterereka ndi thukuta. Tsopano anali atadziwa kuti cholinga chimafuna zinthu zitatu: chimene mwana achite ndi manja ake iwe ukuona, chimene umupatse kuti achitire, ndi mlingo wosonyeza kuti wakhoza. Analemba kuti, "Pomaliza phunziro, mwana akapatsidwa zithunzi zinayi zogawidwa m'magawo ofanana, adetse theka kapena kota monga wauzidwa, ndipo akhoze zitatu mwa zinayizo." M'munsi anaika zipangizo, mapepala opinda ndi makala. Kenako ndondomeko: kupinda pepala pawiri m'mphepete mukumane, kulipindanso, kuwerenga magawo, kulemba 1/2 ndi 1/4 pa bolodi. Ntchito yoyesera anaifananitsa ndi cholingacho, osawonjezera kanthu.

Adepu anasuzumira paphewa pake, akutafuna mtedza.

"Ana angati akhoze, Madamu? Alekichala awa amafuna nambalanso imeneyo."

"Ndimati ndilembe asanu ndi mmodzi pa khumi aliwonse, bwana. Ndimawadziwa ana anga. Akumbuyo aja akang'amba pepala, china chachikulu china chaching'ono, amati zonse ndi theka."

"Ndiye mukudzinenera nokha kuti simutha ntchito? Lembani asanu ndi anayi."

"Sakwana."

"Akwana. Nambala siilira, mayi, imangofuna kuithandiza. Akumbuyowo akasese kubwalo. Tonse pano tinadutsa momwemo, ndipo tili ndi mimba zathu izi."

Aphunzitsi ena anaseka makapu ali kukamwa. Madamu sanaseke, chifukwa pa benchi yakumbuyoyo pankakhala mwana wake wachisamba, kamtsikana kamene chimwalirire bambo ake mutu unaima nji. Sabata yonse mwanayo anali akupinda manyuzipepala akale kunyumba, n'kumafunsa kuti, "Amayi, apa zafanana?" Dzulo lake lomwe ndi pamene anayamba kukumanitsa m'mphepete bwinobwino.

"Bwana, ngakhale mmodzi yekha atsale."

"Wanuyo? Kuti anzake akanene kunyumba kuti Madamu amakondera? Onse kapena palibe. Ndipo kumbukirani kuti pa lipoti lanu nanenso ndimasainapo."

Panja njinga yamoto ya alekichala inalira. Madamu anayang'ana mpata umene unatsala pa pepala. Anaganiza za khonde la alamu ake. Analemba asanu ndi anayi.

Adepu anaima pakhomo la kalasi matsache ali m'khwapa, akuloza ndi chala. "Iwe, iwe, ndi iwe wogona. Mzere wonsewo, tiyeni, akatswiri a fumbi." Mwana uja anadzuka pepala lake lili m'manja, lopindapinda kale. Anayang'ana mayi ake. M'kalasi sankaloledwa kunena kuti amayi.

"Madamu, inenso?"

"Pita ndi anzako."

Phunziro linayenda ngati madzi. Ana anapinda, anawerenga magawo, anadetsa ndi makala. Alekichala anazungulira mabenchi akuchonga, n'kuwerengetsa amene akhoza zitatu mwa zinayi. Nambala inakwana, inapitirira. Anamugwira chanza Madamu, amvekere, "Ichi ndiye cholinga choyezeka. Mwakhoza, mayi." Fumbi la kubwalo linkalowera pawindo, iwo n'kungopukuta magalasi awo osafunsa kuti akusesa ndani nthawi ya masamu.

Poweruka mwanayo sanadikire mayi ake pageti. Madamu anakamupeza kunyumba atakhala kuseri kwa chitseko, miyendo ili mbuu. Anamutengera pepala latsopano, n'kugwada pambali pake.

"Bwera ndikuyese pano, mwanawe. Zithunzi zinayi zomwe zija."

"Musavutike, amayi. Ine ndine wa tsache."

Satifiketi idzabwera, Adepu akadali pa mpando wawo, jekete lili pathupi. Tsono inu mukuwerenganu, amene munapita patali ndi sukulu, musandiuze kuti n'zomvetsa chisoni, chisoni ndili nacho changa chokwana. Mayiyu akanalemba nambala iti pa mpata uja kuti apulumutse ntchito ndi mwana yemwe? Ndiyankheni.