Matabwa a Mashelefu

Lazarus pomwalira anasiya zinthu ziwiri za mtengo wapatali: mapaundi 45 m'chitini cha tiyi, ndi pepala lowerengera kagolosale komwe ankalota kutsegula kuseri kwa msika wa Kafue. Nyumba inali ya kampani ya njanji, ndipo a kampani, anthu osachedwa kuiwala maliro, anapatsa mkazi wake Emelia mwezi umodzi kuti atuluke. Golosale ikakanika, chotsala chinali kukwera sitima ndi ana kubwerera ku Nyasaland, kusiya manda a mwamuna wake opanda wolambula.

Loweruka masana Emelia anaitana mlamu wake Wenceslaus, amene anakulira kuseri kwa kauntala ya Mmwenye. Munthuyu pa masamu analibe chibale. Anayala pepala pathebulo n'kumawerenga mokweza.

"Katundu, mapaundi 28: shuga, mchere, sopo, parafini, machesi. Laisensi ku Boma, awiri ndi mashiling'i khumi. Lendi, paundi ndi mashiling'i khumi. Sikelo yakale, atatu. Ndalama yoyendetsera mwezi woyamba, khumi. Zakwana 45 ndendende."

Emelia anapumira m'mwamba. Koma chala cha Wenceslaus chinaima pamzere wotsiriza.

"Mulamu, apa pa mashelufu na kaunta analemba ziro. Akuti mapulanga alipo kale. Ali kuti?"

Emelia anayang'ana kukhoma kumene matabwawo ankatsamira. Lazarus ankawagula limodzilimodzi chaka chathunthu, n'kumawapala Lamlungu akaweruka ku Misa.

"Si yamene munapangila bokosi?"

Misomali ya bokosi la malirolo anakhoma ndi Wenceslaus yemwe, osafunsa kuti matabwa abwino chotero achokera kuti. Komabe masamu sanasinthe: matabwa atsopano ndi kalipentala, mapaundi asanu.

"Tichotseko pali ija khumi," anatero Emelia.

"Iyayi. Anthu ba njanji batenga pa nkongole, balipila pa mwezi ukasila. Shuga ikasila pakati, muzaoda na chani? Holoselo sapatsa nkongole munthu woyamba kumene."

"Nanga katundu tikaika pansi?"

"Inspekita akapeza shuga pansi, laisensi kulibe."

Kuchepetsa katundu nako Wenceslaus anakana: golosale ya mashelefu oyera anthu amangosuzumira n'kupitirira.

Emelia anadzuka n'kulowa kuchipinda. Wenceslaus anamva mphasa ndi mabulangete zikugwa pansi, kenako anaitanidwa. Anapeza bedi la matabwa a mukwa lili lamaliseche, lija Lazarus anakhoma chaka cha ukwati wawo. Analiyeza ndi dzanja mosafuna. Munkatuluka mashelefu atatu, ndipo kumutu kwake kunkakwana kauntala.

"Muzagona pati, mulamu?"

"Pansi. Bweletsani hamala," anatero Emelia, misozi ikutsika osaipukuta. "Bedi iyi yakula maningi pa munthu umozi."